Pulovishoni ya walanti kapena kontinjenti layabilite: momwe mungadziwire cholemba m'buku ndi kuwerengera ekisipensi ya chaka

Pali chinthu chimodzi chomwe chimazunguza mutu anthu ambiri akafika pa nkhani ya walanti, ngakhale amene akhala pa ma akaunti zaka ndithu. Pampu imodzi yomwe mwagulitsa mwina ili ndi mwayi wa 3 peresenti yokha kuti mota yake ipsa nthawi ya walanti isanathe, koma mukuyenera kulemba ngongole m'buku. Kwinaku pali mlandu kukhoti womwe maloya akuti mwayi woti muluza ndi 30 peresenti, koma umenewo simulemba ngongole ayi, mumangoufotokoza m'manoti a ma akaunti. Ndiye munthu amati zikutheka bwanji kuti 3 alowe m'buku 30 atsale panja. Yankho lake likagwirika bwino zina zonse zimakhala masamu chabe, ndiye tiyeni tiyende nazo pang'onopang'ono ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Lamulo lomwe tikutsata ndi IAS 37, lomwe linatuluka mu 1998, ndilo limakamba za mapulovishoni ndi ngongole za mwina zija timati kontinjenti layabilite. Pulovishoni ndi ngongole yeniyeni, kungoti simukudziwa bwinobwino kuti idzakhala ndalama zingati kapena mudzalipira liti. Kontinjenti layabilite ndi ngongole yomwe mwina ilipo mwina palibe, kapena ilipo koma sizikuoneka kuti mudzatulutsa ndalama. Yoyambayo imalowa mu balansi shiti ndipo imadya phindu la chaka. Yachiwiriyo sikhudza manambala, imangokhala ndime m'manoti.

Chitsanzo chathu ndi kampani yogulitsa mapampu a madzi, pampu iliyonse ili ndi walanti ya miyezi 12, ikaonongeka chifukwa cha vuto la kapangidwe kampani imakonza kapena kusintha mota mwaulere. Manambalawa ndangowapanga kuti tiphunzirirepo, ikanipo ndalama ya mtundu uliwonse yomwe mumagwiritsa ntchito.

Sitepe yoyamba, musanagwire kalikuleta, onani kaye mtundu wa walanti yomwe muli nayo. Apa ambiri amadumpha. Lamulo lina, IFRS 15, lokamba za ndalama zolowa kuchokera ku zogulitsa, limagawa walanti pawiri. Ilipo yongotsimikizira kuti katunduyo agwira ntchito monga munalonjezera, imabwera limodzi ndi katundu, kasitomala sasankha. Imeneyo ndi yomwe imapita ku IAS 37. Ndiye ilipo ina yomwe kasitomala amagula payekha, mwachitsanzo wawonjezera ndalama kuti mumusamalire zaka ziwiri zina pamwamba pa chaka chija. Imeneyo si ya pulovishoni, ndi ntchito yomwe mwagulitsa koma simunaichite, ndiye ndalama yakeyo mumaisunga ngati ngongole kwa kasitomala nkumailowetsa mu zogulitsa pang'onopang'ono miyezi ikamadutsa, ndipo zokonza zake zimalowa ekisipensi zikamachitika. Mukasakaniza ziwirizi mupeza mwalemba ndalama yonse ngati yolowa tsiku limodzi kenako mwaikanso pulovishoni pamwamba, zonse zolakwika. Ife pano tikukamba mtundu woyamba basi.

Sitepe yachiwiri ndi mafunso atatu, ndipo onse atatu ayankhidwe kuti eya. Limodzi likakana palibe pulovishoni.

Funso loyamba: kodi pa tsiku lotseka mabuku muli ndi udindo womwe wabwera chifukwa cha chinthu chomwe chachitika kale? Pa walanti chinthu chochitika kalecho ndi kugulitsa. Osati kuonongeka kwa pampu, osati tsiku lomwe kasitomala waimba foni, koma tsiku lomwe pampu inatuluka pakhomo ndi lonjezo lija. Nchifukwa chake mapampu omwe akadali mu sitoko sawerengedwa, ngakhale mukudziwa kuti mwezi wamawa agulitsidwa ndipo ena adzabwerera. Palibe yemwe mwamulonjeza kanthu pa amenewo. Komanso udindo sukhala wa pa pepala wokha. Ngati khadi la walanti likuti miyezi 12 koma kwa zaka zambiri mwakhala mukukonza mwaulere mpaka miyezi 18, ogulitsa anu amauza makasitomala choncho ndipo aliyense akudziwa, ndiye kuti mwadzimangirira nokha ndi chizolowezi chanu, ndipo pulovishoni iwerengere miyezi 18. Koma ngati ndi bwana yekha amene amati tsiku lina akakondwa wamukonzera munthu, popanda amene angayembekezere zimenezo, umenewo si udindo.

Funso lachiwiri ndi lomwe lili ndi nkhani yonse: kodi zikuoneka kuti mudzatulutsa ndalama? Mu IAS 37 mawu amenewa akutanthauza kuti mwayi woti zichitika ukuposa mwayi woti sizichitika, ndiye kuposa theka. Tsono ngati muyang'ana pampu imodzi, yankho ndi ayi, mapampu ambiri sabwerera. Koma lamulo likuti pomwe pali maudindo ambiri ofanana, muyang'ane gulu lonse ngati chinthu chimodzi. Pa mapampu 10,000 funso silikhalanso loti kodi pampu iyi ionongeka, likhala loti kodi pa onsewa mudzakonzapo ena, ndipo apo palibe chokayikitsa, mudzakonza basi. Ndi pamene 3 peresenti ija imalowera m'buku. Mlandu wa kukhoti uli wokha, ulibe anzake 9,999 oti uunjikidwe nawo, ndiye umayesedwa pawokha, ndipo 30 peresenti sinafike theka.

Funso lachitatu: kodi mutha kuyerekeza ndalama yake modalirika? Pa walanti pafupifupi nthawi zonse yankho ndi eya. Ndamvapo anthu akuti katundu wathu ndi watsopano tilibe mbiri ndiye tingoika m'manoti. Ine izi sindigwirizana nazo, ndipo lamulo lenilenilo limanena kuti kulephera kuyerekeza kumachitika mwa apo ndi apo kwambiri. Muli ndi zotsatira za mayeso a ku fakitale, muli ndi mbiri ya katundu wina wofanana naye, amainjiniya anu atha kukuuzani kuti vuto likhoza kukhala pakati pa apa ndi apa. Mukatha kunena malire awiri, mutha kuyerekeza.

Sitepe yachitatu, masamu. Pa gulu lalikulu timatenga zotheka zonse, chilichonse nkuchulukitsa ndi mwayi wake, kenako kuphatikiza. Pitani ku mafayilo a okonza, osati ku maganizo a anthu ogulitsa, mutenge ma kilemu, kutanthauza madandaulo a makasitomala ofuna kukonzeredwa pa walanti, a zaka ziwiri zitatu zapitazo. Tinene kuti mwapeza kuti pa mapampu 100 aliwonse, 88 sabwerera, 9 amabwera ndi vuto laling'ono ngati kudontha kapena switchi, lomwe limadya 40, ndipo 3 amafuna mota yatsopano yomwe imadya 300.

```
0.88 x 0   = 0.0
0.09 x 40  = 3.6
0.03 x 300 = 9.0
pampu imodzi = 12.6
12.6 x 10,000 = 126,000
```

Chenjerani ndi 40 ndi 300 uja. Akhale mtengo womwe inuyo mumaononga, zipangizo pa mtengo womwe munagulira, malipiro a wokonza, thiransipoti ngati mumalipira ndinu. Musaike mtengo womwe mukanamugulitsira kasitomala mota ija, chifukwa muli phindu mkati ndipo phindu simulipira kwa wina aliyense. Ndipo ngati mukudziwa kuti mota zakwera mtengo, gwiritsani mtengo womwe mudzalipire pokonzapo, osati wa zaka ziwiri zapitazo.

Ndiye chaka choyamba mwagulitsa mapampu 10,000, ekisipensi ya walanti ya chaka chimenecho ndi 126,000 yonse, ngakhale ambiri mwa mapampuwo sanaonongeke nkomwe.

```
Dr Ekisipensi ya walanti     126,000
Cr Pulovishoni ya walanti    126,000
```

Mkati mwa chaka anthu akubwera ndi mapampu, mwakonza, zonse pamodzi zakwana 51,000. Apa ndi pomwe mabuku ambiri amasokonekera. Ndalama imeneyi isapitenso ku ekisipensi, ichotsedwe mu pulovishoni.

```
Dr Pulovishoni ya walanti    51,000
Cr Banki / Sitoko / Malipiro 51,000
```

Yotsala ndi 75,000, ndiyo ikaoneke mu balansi shiti ngati ngongole yolipira mkati mwa chaka chikubwerachi. Mukaona ekisipensi ya walanti yafika 177,000 dziwani kuti wina walemba kawiri, 126,000 kuphatikiza 51,000, ndipo chizindikiro china nchakuti pulovishoni imangokula chaka ndi chaka osatsika ngakhale okonza ali kalikiliki tsiku lililonse. Nthawi zambiri si kusadziwa, kungoti wa ku sitoko akamatulutsa mota amaiika pa akaunti ya zokonza wamba chifukwa palibe anamuuza kuti ya walanti ili ndi kodi yakeyake. Konzani zimenezo kumayambiriro kwa chaka, zimapulumutsa masiku ambiri ofufuza.

Sitepe yachinayi ndi yomwe ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa masamu aja: pa tsiku lotseka mabuku musangokhulupirira 75,000 chifukwa yatsala yokha. Ifunseni ngati ikukwana. Mapampu ogulitsidwa mwezi woyamba wa chaka walanti yawo yatsala pang'ono kutha, ogulitsidwa mwezi womaliza akadali ndi pafupifupi miyezi yonse 12. Ngati mumagulitsa mofanana mwezi uliwonse, pafupifupi theka la nthawi ya walanti ndi lomwe latsala, ndiye mungayembekeze theka la 126,000, lomwe ndi 63,000. Ife tatsala ndi 75,000, kuposa theka pang'ono, ndipo zimenezo zikhoza kukhala zomveka ngati mbiri yanu ikuonetsa kuti mota zimapsa kwambiri chakumapeto kwa walanti, kapena kuti anthu amachedwa kubweretsa. Koma mukanatsala ndi 20,000 pomwe theka la nthawi likadalipo, ndiye kuti maperesenti anu aja achepa, muyenera kuwonjezera tsopano lino osadikira chaka chamawa. Njira yabwino ndi kuika ma kilemu potengera mwezi womwe pampu inagulitsidwa, muone kuti gulu lililonse ladya zingati pofika mwezi wachitatu, wachisanu ndi chimodzi, wachisanu ndi chinayi. Mukatero gulu loipa limaonekera msanga.

Tsopano chaka chachiwiri, pomwe zinthu zimakoma. Mwayamba ndi 75,000. Mwagulitsa mapampu 12,000. Ma kilemu akuonetsa kuti vuto la mota lakwera kuchoka pa 3 kufika 4 peresenti, ndiye pampu imodzi tsopano ndi 3.6 kuphatikiza 12, kukhala 15.6, ndipo pa mapampu 12,000 ndi 187,200. Mkati mwa chaka mwalipira 80,000 pa mapampu a chaka chatha, omwe tsopano walanti yawo yatha onse, ndi 70,000 pa mapampu a chaka chino. Zonse 150,000. Mwaunika monga tanenera muja ndipo mwakhutira kuti yofunika kutsala kumapeto ndi 117,200, kutanthauza 187,200 kuchotsa 70,000.

Ekisipensi ya chaka ipezeni chobwerera, kuyambira pa nambala yotsekera:

```
ekisipensi = yotsekera - yotsegulira + yogwiritsidwa ntchito
           = 117,200 - 75,000 + 150,000
           = 192,200
```

Onani kuti 192,200 si 187,200. Kusiyana kwa 5,000 kwachokera ku chaka chatha, munasunga 75,000 koma zinadya 80,000. Ndiye funso lomwe limabwera nthawi zonse nlakuti tibwerere tikakonze ma akaunti a chaka chatha? Ayi. Munayerekeza ndi zomwe munali nazo nthawi imeneyo, zenizeni zabwera mosiyana pang'ono, uku ndi kusintha kwa chiyerekezo ndipo IAS 8 ikuti kulowe m'chaka chomwe mwazindikira. Zimasiyana ngati chaka chatha munali ndi lipoti la amainjiniya pa desiki loti mota zikupsa koma simunaligwiritse ntchito, kapena munaphonya masamu, apo ndiye kulakwitsa ndipo ngati nkwakukulu mumabwerera kukakonza. Zikanakhala kuti mapampu a chaka chatha anadya 68,000 yokha, 7,000 yotsalayo mukanaibweza, ekisipensi ya chaka chino nkutsika. Musaisunge poti idzathandiza tsiku lina, ndipo musaitenge kukalipira chinthu china, pulovishoni imagwira ntchito yomwe inaikidwira yokha. Kale makampani ankaunjika mapulovishoni chaka cha phindu lambiri nkumawamasula chaka chovuta kuti phindu lizioneka losalala, ndipo khalidwe limeneli ndi limodzi mwa zomwe IAS 37 inabwera kudzatseka.

Mu manoti muonetse kayendedwe konseka, yotsegulira, yowonjezera, yogwiritsidwa ntchito, yobwezedwa ngati ilipo, yotsekera, kenako mawu ochepa ofotokoza walanti yake, nthawi yomwe mukuyembekeza kulipira ndi pomwe pali chikayiko. Odita akabwera amayambira pamenepa, amatenga zomwe munayerekeza chaka chatha nkufanizira ndi zomwe zinatulukadi.

Tibwerere ku mlandu uja tsopano, sitepe yachisanu. Kasitomala mmodzi akuti pampu yanu inaphulika usiku madzi nkuononga katundu wake, wakusumirani akufuna 500,000. Izi sizili mu walanti wamba, walanti imakonza pampu, silipira katundu woonongeka, ndiye musaziponye mu 15.6 uja. Inu mukuti pampuyo anaiika molakwika yekha. Maloya anu alemba kalata kuti mwayi woluza ndi cha m'ma 30 peresenti. Pano ngakhale funso loyamba lija silikuyankhika bwino, sizikudziwika ngati muli ndi udindo nkomwe, ndipo umboni womwe ulipo ukupendekera kuti mulibe. Ndiye iyi ndi kontinjenti layabilite. M'buku simulemba kanthu. M'manoti mufotokoze kuti pali mlandu wotani, ndalama zomwe zingatuluke ngati nkotheka kuyerekeza, chomwe chikukayikitsa, komanso ngati pali inshuwalansi kapena wina amene angakubwezereni.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi ichi: munthu watenga 30 peresenti kuchulukitsa ndi 500,000 wapeza 150,000 walemba pulovishoni, akuti ndi kusamala. Wasakaniza mafunso awiri. Kuchulukitsa ndi mwayi ndi njira yoyezera kukula kwa ngongole yomwe yadutsa kale mafunso atatu aja, si njira yodutsira mafunsowo. Mlanduwu sunadutse, ndiye palibe choyeza. Ndipo taganizirani, 150,000 ndi nambala yomwe khoti silikuyembekezeka kutchula, pomwe 126,000 ya mapampu ija ndi pafupi ndithu ndi zomwe zidzatuluke mu banki.

Koma musaiwale kuubwereranso chaka chilichonse. Tinene chaka chotsatira katswiri wosankhidwa ndi khoti wapeza kuti chotsekera cha pampu chinali cholakwika kuchokera ku fakitale, maloya akuti tsopano zikuoneka kuti muluza ndipo ndalama yomwe ikuoneka kwambiri ndi 350,000. Apo yasanduka pulovishoni, mulembe m'chaka chomwe zasinthacho. Poti ndi udindo umodzi, poyambira ndi chotsatira chomwe chikuoneka kwambiri, 350,000, kenako muone ngati zotheka zina zambiri zili pamwamba pake kapena pansi pake, ngati zambiri zili pamwamba chiyerekezo chikwereko. Komanso yang'anani tsiku. Ngati lipoti la katswiriyo lafika mabuku atatsekedwa koma ma akaunti asanavomerezedwe kuti atuluke, IAS 10 ikuti mulilowetse m'chaka chatsekedwacho, chifukwa likungotsimikizira vuto lomwe linalipo kale pa tsiku lotseka. Ndipo kumbali inayo, ngati maloya akuti mlanduwo ulibe mutu mwayi woluza ndi wochepetsetsa, ngakhale m'manoti simuyenera kuulemba.

Amene mukugwira ntchito ndi malamulo a ku Amereka musamale, kumeneko ASC 450 imagwiritsa ntchito mawu ofanana ndi a funso lachiwiri lija koma mulingo wake ndi wokwera kuposa kungodutsa theka, ndipo pakakhala malire awiri popanda nambala yooneka bwino kuposa inzake amatenga yotsikayo, pomwe IAS 37 imatenga ya pakati. Mlandu womwewo ukhoza kulowa m'buku kuno nkutsala m'manoti uko.

Nanga ngati mota zija zikupsa chifukwa cha amene amakugulitsani, ndipo mukufuna akubwezereni? Apa mulingo ndi wolimba kwambiri. Simulemba zobwezeredwazo pokhapokha zitatsimikizika pafupifupi kotheratu, monga kuti wavomera polemba kuti alipira 40,000 pa mota zoipazo. Zikatero 40,000 imakhala payokha kumbali ya chuma, pulovishoni ikhalebe 117,200 yathunthu, musachotsere, chifukwa kasitomala akudziwa inu, wogulitsa mota uja akalephera kulipira mudzakonzabe pampu ndi ndalama zanu. Mu lipoti la phindu mokha ndi momwe mwaloledwa kuonetsa ekisipensi mutachotsa zobwezeredwazo, ndipo zomwe mwalemba kuti mubwezeredwa zisapose pulovishoni. Ngati mwangomulembera kalata iye sanayankhe, palibe cholemba.

Za nthawi, pa walanti ya miyezi 12 musadzivute ndi kutsitsa nambala kuti ifanane ndi mtengo wa lero, kusiyana kwake kumakhala kochepa. Koma walanti ya zaka zitatu kapena zisanu, makamaka pomwe chiwongoladzanja chili chokwera, iwerengereni. Ndalama 100,000 yolipira pakatha zaka ziwiri pa 10 peresenti ndi 82,645 lero, ndipo chaka chilichonse pulovishoni imakwera kulowera ku 100,000, kukwera kumeneko kumapita ku ndalama za chiwongoladzanja osati ku ekisipensi ya walanti. Gawani pulovishoniyo pawiri mu balansi shiti, ya mkati mwa miyezi 12 ndi ya kutsogolo.

Chomaliza choti muchite musanatseke fayilo ndi msonkho. M'maiko ambiri a msonkho salola kuchotsera pulovishoni, amadikira mpaka mutalipiradi, ndiye onani lamulo la komwe muli. Ngati zili choncho, m'chaka chachiwiri chija mabuku anu ali ndi ekisipensi ya 192,200 koma a msonkho avomera 150,000 yokha, kusiyana kwa 42,200 mumabwezera pa phindu powerengera msonkho, ndipo ndi nambala yomweyo yomwe pulovishoni yakwera nayo kuchoka pa 75,000 kufika 117,200. Ziwirizi zikapanda kufanana bwererani ku leja, pali kilemu ina yomwe yalowa pa akaunti yolakwika.